Munthu akati "wandigosita" akutanthauza chiyani? Kufotokoza liwu la ghosting

Munthu amene sabata yathayi mumacheza naye pafoni mpaka pakati pa usiku, lero wangoti zii. Simunakangane, sanatsanzike, ndipo sakudwala chifukwa mukumuona akuika zithunzi pa intaneti. Mwalemba kamodzi, mwalembanso kachiwiri, mwaimba, foni ikungoitana. Khalidwe limeneli olankhula Chingerezi analipatsa dzina lakuti ghosting, ndipo liwuli layenda mpaka kulowa m'zilankhulo zina. Ifenso timalipinda kuti likwane m'kamwa mwathu, n'kumati "wandigosita", "ndamugosita" kapena "tinagositana".

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti liwu limodzi lomweli likunyamula katundu wosiyanasiyana. Wina akuti wagositidwa chifukwa mnzake watha maola atatu asanayankhe. Wina akunenanso chimodzimodzi pamene bwenzi lake la zaka ziwiri lasowa osasiya ngakhale liwu limodzi. Awiriwa sakudandaula chinthu chofanana, choncho ndi bwino kudziwa pamene liwuli limayambira ndi pamene limathera.

Mzukwa walowamo bwanji m'nkhani ya mauthenga?

Liwu la Chingerezi lakuti ghost limatanthauza mzukwa. Chithunzi chake n'chakuti munthu amene anali pomwepa wazimiririka, sakugwirika, sakumveka, koma m'maganizo mwanu akuyendabe. Liwu la ghosting linalipo kale ndi matanthauzo ena. Akatswiri a wailesi yakanema ankalitchula pamene chithunzi chikuoneka pawiri, china chenicheni china ngati mthunzi pambali pake. Tanthauzo lakuti kudula macheza mosatsanzika ndi latsopano, ndipo linakula limodzi ndi mafoni amakono komanso mapulogalamu opezera zibwenzi monga Tinder, imene inayamba mu 2012.

Chaka chimene liwuli linamveka paliponse ndi 2015. Mu Juni chaka chimenecho nyuzipepala za ku America zinalemba kuti chibwenzi cha akatswiri a mafilimu Charlize Theron ndi Sean Penn chatha, ndipo kuti mayiyo anangosiya kuyankha mafoni ndi mauthenga. Mwiniwake anadzakana pambuyo pake kuti sizinayende choncho, koma liwu linali litafala kale. Kumapeto kwa chaka chomwecho a dikishonale ya Collins analiika pamndandanda wa mawu otchuka a chakacho, ndipo a Merriam-Webster analowetsa tanthauzoli m'dikishonale yawo mu Febuluwale 2017.

Khalidwelo palokha si la lero. Anthu akhala akuleka kuyankha makalata, kusamuka osauza mnzawo, kapena kutuma mwana kuti akanene kuti "kulibe" iwo ali m'nyumba. Chasintha n'chakuti kale kusayankha kunali ndi pobisala pambiri: kalata ikhoza kusochera, munthu akhoza kukhala pa ulendo. Lero foni imakuuzani kuti uthenga wafika, wawerengedwa, ndipo mwini wake ali pa intaneti nthawi yomweyi.

Zinthu zitatu zimene zimapanga kugosita

Anthu akamagwiritsa ntchito liwuli mosamala, pamakhala zinthu zitatu pamodzi. Choyamba, panali ubale kapena macheza amene amapatsa munthu chifukwa choyembekezera yankho. Mlendo amene wakulemberani "moni" inu osamudziwa, mukapanda kumuyankha simunamugosite, chifukwa panalibe chimene mwadula. Chachiwiri, kusiyako kwachitika popanda kufotokoza. Amene wanena kuti "ine zachibwenzizi ndaleka, usandilemberenso", kenako n'kukhala chete, sanagosite munthu. Wakana poyera, ngakhale kukanako kukhale kowawa. Chachitatu, cheteyo ndi wadala ndipo akupitirira ngakhale winayo akuyesetsa kufunsa. Amene foni yabedwa kapena wagonekedwa m'chipatala sanasankhe kukhala chete.

Tiyerekeze ndi pakhomo. Mukafika panyumba n'kupeza loko, mumadziwa kuti eni ake kulibe, mumabwerera. Mwini nyumba akatuluka n'kukuuzani kuti musabwerenso, zimapweteka koma mwamva. Kugosita kuli ngati kuodira pakhomo pamene nyali ikuyaka, wailesi ikulira, mukumva mapazi m'katimo, koma palibe akuyankha. Mumaima pamenepo osadziwa ngati muodirenso mokweza, mudikire, kapena muzipita.

Pa zitatuzi, chachitatu ndicho chovuta, chifukwa cholinga cha munthu sichioneka pafoni. Ndiye chifukwa chake kugosita kumadziwika mochedwa. Tsiku loyamba la chete silisiyana ndi tsiku la munthu wotanganidwa. Mumadzazindikira patapita masiku kuti uthenga wa Lachitatu lija ndiwo unali womaliza.

Zimene matiki amanena, ndi zimene sanena

Popeza ambiri amakumana ndi zimenezi pa WhatsApp, tiyeni tiyende ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti mnyamata ndi mtsikana akhala akucheza kwa miyezi iwiri, tsiku lililonse, ndipo akumanapo katatu. Mtsikanayo nthawi zonse amayankha ola lisanathe. Lachitatu madzulo mnyamata walemba kuti, "Loweruka lija tikumanabe?" Yankho osabwera.

Choyamba chimene mnyamatayo adzayang'ane ndi matiki a pansi pa uthenga. Tiki imodzi yotuwa imatanthauza kuti uthenga wachoka pafoni yake koma sunafike pafoni ya mnzakeyo. Matiki awiri otuwa amatanthauza kuti wafika. Akasanduka abuluu ndiye kuti watsegulidwa. Matiki abuluuwa anayamba mu Novembala 2014, ndipo anthu atadandaula kuti akuwaika pampanipani, kampaniyo inaika njira yowazimitsira. Mukalowa pa Settings, kenako Privacy, pali pamene palembedwa Read receipts. Amene wazimitsa pamenepo, mauthenga amene mwamutumizira amakhala ndi matiki otuwa ngakhale wawerenga, ndipo iyenso saona ngati ena awerenga ake. M'magulu zimenezi sizigwira ntchito, kumeneko zimaonekabe kuti wawerenga.

Tinene kuti Lachinayi uthenga uja ukadali pa tiki imodzi. Apa mnyamatayo alibe umboni uliwonse wakuti wagositidwa. Foni ikhoza kukhala yozima, yowonongeka, kapena yopanda intaneti. N'zoona kuti munthu amene wabulokedwa amaonanso tiki imodzi, saona nthawi imene mnzake anali pa intaneti komaliza, saona chithunzi chatsopano, ndipo akaimba foni sipita. Koma chilichonse mwa zizindikirozi chikhoza kukhala ndi chifukwa china, ndipo eni WhatsApp amanena okha kuti anachita dala kuti zisamveke bwinobwino, pofuna kuteteza amene wabuloka. Tiki imodzi ya tsiku limodzi si nkhani. Tiki imodzi ya masabata awiri, pamene m'gulu limene onse alimo mtsikanayo akulemba bwinobwino, imanena zambiri.

Tsopano tisinthe: Lachinayi matiki ndi awiri abuluu, yankho palibe. Uku n'kumene Achingerezi amati left on read, kusiyidwa uthenga utawerengedwa. Kumapweteka, koma sikunafike pa kugosita. Munthu akhoza kutsegula uthenga ali pantchito, n'kunena kuti ayankha akaweruka, kenako n'kuiwala. Akhozanso kukhala kuti funsolo lamulemera ndipo akusinkhasinkha. Lachisanu mnyamata walembanso, "Uli bwino koma? Ndikufunsa za mawa." Matiki abuluu, zii. Loweruka lafika, waimba kawiri, osayankha. Lamlungu akuona mtsikanayo waika zithunzi pa sitetasi akuseka ndi anzake. Lolemba lotsatira, chete yemweyo.

Pofika apa zinthu zitatu zija zakwana. Panali ubale ndi pangano la tsiku, palibe kufotokoza, ndipo zifukwa za foni kapena matenda zagwa zokha chifukwa munthuyo akuoneka ali moyo, akugwiritsa ntchito foni yomweyo. Onani kuti chimene chatsimikiza nkhaniyi si kuchuluka kwa masiku kokha ayi. Ndi kusiyana kwa cheteyu ndi mmene awiriwa amachezera kale. Kwa anthu amene amalemberana kamodzi pamwezi, sabata yachete ndi yachizolowezi. Kwa amene amayankhana ola lisanathe, masiku asanu ndi ambiri. Muyeso wake ndi chizolowezi cha awiriwo, ndiye chifukwa chake palibe nambala ya masiku imene ingakwanire aliyense.

Pali cholakwika chimene ambiri amachita apa, ndipo ndimachimvetsa chifukwa mtima ukakhala m'mwamba manja sakhala phee. Amatumiza mauthenga khumi, amaimba ndi nambala ina, amafunsa anzake a munthuyo. Mauthenga amenewa sabweretsa chidziwitso chatsopano. Ngati wachiwiri ndi wachitatu sanayankhidwe, wakhumi sasintha kanthu, ndipo ngati cheteyo anali ndi chifukwa chomveka, mulu wa mauthenga okwiya ukhoza kuwononga chimene chikanakonzeka. Komanso munthu amene waonetsa kuti sakufuna kulankhula, kumulondalonda kudzera m'manambala ena kumasanduka kuzunza, ndipo m'mayiko ambiri ndi mlandu. Uthenga umodzi womveka, wonena kuti "ndaona kuti sukuyankha, ngati pali vuto undiuze, apo ayi ndisiyira pomwepa", umapereka mpata kwa winayo ndipo umamasula wolembayo kuti asadikire mpaka kalekale.

Abale ake a liwuli

Kugosita kuli ndi abale ake amene anthu amawasokoneza nako. Pali chimene amati slow fade, kuzirala pang'onopang'ono. Munthu sadula kamodzi, koma mayankho amafupika, amachedwa, "tidzaonana" amachuluka tsiku osatchulidwa, mpaka macheza afa okha. Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo apa ndi momwemo: pakamwa sakana, koma zochita zikukana. Kusiyana kwake ndi kugosita n'kwakuti apa moto umazima pang'onopang'ono, pamene kugosita n'kuthira madzi pamoto ukuyaka.

Liwu lina ndi orbiting, limene wolemba wina dzina lake Anna Iovine analitchukitsa mu 2018. Limanena za munthu amene wasiya kukuyankhani koma akuonerabe masitetasi anu onse, nthawi zina n'kuikapo kamtima. Ali ngati mwezi, umazungulira koma sutsika. Palinso breadcrumbing, kumwaza nyenyeswa: kauthenga kamodzi pa masabata awiri, kongokwanira kuti musataye mtima koma kosafika kulikonse. Ndipo amene anasowa miyezi isanu n'kungoti balamanthu ndi "uli bwanji?" ngati palibe chinachitika, amati wachita zombieing, kutanthauza wakufa amene wadzuka.

Chifukwa chiyani chete amapweteka chonchi, nanga ochitawo amati chiyani?

Katswiri wa zamaganizo wa ku America, Kipling Williams, wakhala zaka zambiri akufufuza za kusalidwa. Iye ndi anzake anapanga masewera a pakompyuta otchedwa Cyberball. Munthu amauzidwa kuti akuponyerana mpira ndi anthu ena awiri pa intaneti. Poyamba amapatsidwa mpira, kenako awiriwo amayamba kuponyerana okhaokha. Zoona zake n'zakuti awiriwo si anthu, ndi pulogalamu chabe. Masewerawa amatenga mphindi zochepa, komabe osalidwawo amanena kuti akudziona ngati osafunika, opanda mphamvu pa zimene zikuchitika, ndiponso ngati kulibeko. Mu 2003 Naomi Eisenberger, Matthew Lieberman ndi Williams anajambula ubongo wa anthu akusewera masewerawa, ndipo anapeza kuti mbali ina imene imagwira ntchito munthu akamamva ululu wa m'thupi inkagwiranso ntchito pamene akusalidwa. Kafukufukuyu anali wa anthu ochepa, sanali wa kugosita mwachindunji, ndipo akatswiri akukambiranabe za tanthauzo lake lenileni. Koma akuthandiza kumvetsa kuti kunyalanyazidwa si nkhani yaing'ono kwa munthu.

Kugosita kumawonjezera chinthu china pamwamba pa kusalidwako: palibe chifukwa chimene mwapatsidwa. Munthu akakanidwa ndi mawu amakhala ndi chinthu chogwira, akhoza kuchitsutsa, kuchilirira, kenako n'kuchiika pansi. Wosiyidwa m'malere amadzipangira yekha zifukwa, ndipo kawirikawiri zimene amapangazo zimaloza iye mwini. Amabwerera ku mauthenga akale kufufuza pamene analakwitsa. Amasinthasintha pakati pa nkhawa yakuti mwina mnzake wagwa m'mavuto ndi mkwiyo wakuti akumupeputsa, ndipo sangakhazikike pa chimodzi chifukwa sakudziwa choona n'chiti.

Nawo ogositawo ali ndi mbali yawo, ndipo si onse amene ali ouma mtima. Ena amaopa mkangano, mawu okana amawakanika kutuluka. Ena amakhulupirira kuti kukhala chete n'kwachifundo kuposa kuuza munthu kuti "sunandisangalatse". Ena amaona kuti macheza a masiku atatu sanafike pofuna kutsanzikana. Ena apanikizika ndi matenda a maganizo, ndipo tsiku lililonse limene lapita manyazi oyankha mochedwa amakula mpaka kuyankha kumaoneka kosatheka. Ndipo pali gulu limene ngakhale odana ndi khalidweli amalimvetsa: amene akuthawa munthu woopseza, wankhanza, kapena wosamva "ayi". Kwa otere kufotokoza kumangotsegula khomo la mkangano wina, choncho kudula kulankhulana ndi njira yodzitetezera.

Za kuchuluka kwake, manambala amasiyana. Mu Okutobala 2014 bungwe la YouGov linafunsa akuluakulu 1,000 ku America, ndipo 11 pa 100 alionse anavomera kuti anagositapo munthu. Mu 2018 Gili Freedman ndi anzake anatulutsa kafukufuku amene gawo lake loyamba linali la anthu 554. Pafupifupi mmodzi pa anayi alionse anati anagositidwapo ndi bwenzi, ndipo pafupifupi mmodzi pa asanu anati anachitapo yekha. Anapezanso kuti amene amakhulupirira kuti munthu aliyense ali ndi wake amene anamulembera, ndi amene amaona kugosita ngati kovomerezeka kuposa amene amakhulupirira kuti chikondi chimakula ndi khama. Maganizo ake ndi omveka: ngati uyu si wanga uja, kukambirana kuthandiza chiyani? Kusiyana kwa manambalawa kusatidabwitse, chifukwa ofunsidwa anali osiyana, zaka zinali zosiyana, ndipo funso silinafunsidwe mofanana.

Liwu litatuluka m'chibwenzi

Lero mumva liwuli pa anzanu wamba, pa achibale, pa wogula amene anafunsa mtengo n'kulonjeza kubwera, ngakhalenso pa wangongole amene tsiku lobweza litakwana foni yake yasiya kuyankhidwa. Kumene lakhazikika kwambiri ndi kuntchito. Mu Disembala 2018 linalowa mpaka mu lipoti la banki yaikulu ya ku America lotchedwa Beige Book, mmene nthambi ya ku Chicago inanena kuti olemba ntchito ena akudandaula za antchito amene amangosiya kubwera osanena ndipo sapezekanso pafoni. Ofuna ntchito anayankha kuti makampani ndiwo anayamba kalekale: munthu amachita intavyu kawiri katatu, amauzidwa kuti "tikuimbirani", basi mpaka lero.

Madandaulo amenewa afika mpaka ku malamulo. M'chigawo cha Ontario ku Canada, kuyambira pa 1 Januwale 2026, olemba ntchito amene ali ndi antchito 25 kapena kuposerapo ayenera kudziwitsa munthu amene anamuchititsa intavyu pa ntchito yolengezedwa poyera, pasanathe masiku 45, ngati chiganizo cholemba munthu pa ntchitoyo chapangidwa kapena ayi. Ku Philippines phungu wina anapereka bilu mu 2022 yofuna kuti kugosita m'chibwenzi kutchedwe kulakwira munthu m'maganizo, ngakhale kuti biluyo sinatchule chilango chilichonse.

Palinso kagwiritsidwe kopepuka, kamene sikanyamula mlandu. Munthu amalemba kuti "pepani ndinakugositani, sabatayi inali yothina", pomwe wangochedwa masiku awiri. Wina amati "ndagosita gulu lija" kutanthauza kuti wasiya kulembamo. Apa liwuli lasanduka njira yopepesera kapena yonenera mwachidule kuti munthu anasowa pang'ono. Choncho mukalimva, yang'anani amene akulankhula, ubale umene ulipo, ndi kutalika kwa cheteyo musanaganize kuti pachitika chachikulu.

Mafunso amene sanayankhidwebe

Funso loyamba limene anthu sagwirizana ndi lakuti ngongole ya kutsanzika imayamba liti. Ambiri amavomereza kuti uthenga umodzi kwa mlendo subala ngongole, ndipo chibwenzi cha chaka chimabala. Nanga pakatipa? Ena amati mukangokumana maso ndi maso kamodzi muyenera kunena mawu, ena amati mpaka pakhale lonjezo.

Lachiwiri ndi lakuti ngati onse awiri angosiya kulemberana, aliyense akudikira mnzake, wagosita mnzake ndani? Zimatheka kuti onse awiri akudandaula kwa anzawo kuti anasiyidwa.

Palinso funso la amene ali ndi ufulu wotchula dzinali. Wosiyidwa amati wagositidwa, wochokayo amati waika malire kuti adziteteze, ndipo chochitikacho n'chimodzi. Kodi mantha ayenera kufika pati kuti chete akhale womveka, ndipo woweruza ndani pamene mbali imodzi yokha ndiyo ikulankhula?

Akatswiri akufufuzabe ngati khalidweli lachulukadi kapena langopeza dzina ndi matiki olionetsa poyera, chifukwa kale kunalibe amene ankawerenga makalata osayankhidwa. Akufufuzanso ngati kugositidwa kumasiya bala lokhalitsa kuposa kukanidwa ndi mawu, kapena ngati kumangopweteka mwa mtundu wina. Ndipo popeza kafukufuku wambiri wachitika pakati pa achinyamata a ku America ndi ku Ulaya, funso lidakalipo ngati anthu a zikhalidwe zimene kukana pamaso kumatengedwa ngati mwano amaona cheteyu ngati chipongwe, kapena ngati njira yaulemu yonenera kuti ayi.